Nyimbo pa foni yochepa mphamvu: zimene Lite imapereka ndi zimene imasiya

Mlamu wanga amasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndipo makina ake sayenda popanda nyimbo za kwaya. Tsiku lina anandipatsa foni yake nkhope ili gwa. "Alamu, taonani kafoni kangaka. Nyimbo ikamalira, ndikangoti ndiyankhe kasitomala pa WhatsApp, basi yazima. Mwana uja akuti ndiike ya Lite. Kodi Lite-yo ndiye chiyani?"

Ndinaitembenuza foniyo. Inali ya RAM ya 1 GB, mosungira zinthu mwa 16 GB, ndipo pamwamba pa sikirini panali kachenjezo koti malo atsala pang'ono kutha. Mwanayo sananame, Lite ikanathandiza. Koma foniyo inali ndi matenda awiri osiyana, ndipo Lite ikanachiza amodzi okha.

Tikamati foni ili ndi "memore yochepa" timaphatikiza zinthu ziwiri. Choyamba ndi mosungira, mmene mumakhala zithunzi, mavidiyo, nyimbo ndi mapulogalamu, ngakhale foni itazimitsidwa. Chachiwiri ndi RAM, pomwe foni imayala zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Kwa telala ngati mlamu wanga kusiyanaku n'kosavuta kukumva: mosungira ndi kabati ya nsalu, RAM ndi tebulo lodulirapo. Kabati ikhoza kukhala yaikulu, koma tebulo likakhala laling'ono, nsalu yachiwiri ikabwera yoyamba iyenera kuchoka.

Android imachitadi zimenezo. Tebulo likadzaza, imayamba kutseka mapulogalamu amene sali pamaso panu. Pulogalamu yoimba nyimbo imatetezedwa pang'ono, chifukwa imaika kachizindikiro kake pamwamba pa sikirini kusonyeza kuti ikugwira ntchito, ndipo foni imayamba yatseka zina zonse isanafike pa iyo. Koma pa 1 GB, pomwe gawo lalikulu ladyedwa kale ndi Android yeniyeniyo, kutsegula kamera kapena vidiyo ya pa WhatsApp n'kokwanira kuti nyimbo nayo ichotsedwe patebulo. N'chifukwa chake kwaya ya mlamu wanga inkathera pakati pa vesi.

Mafoni otere alipo ochuluka padziko lonse, moti Google inawapangira Android yawoyawo. Android Go inatuluka kumapeto kwa 2017, ya mafoni a RAM ya 1 GB kapena kucheperapo. Malirewo akhala akukwera: pofika pa Android 13 ya Go, foni inkafunika kukhala ndi RAM ya 2 GB ndi mosungira mwa 16 GB. Makampani a mapulogalamu nawo anaona kuti anthu mamiliyoni ku India, ku Indonesia, ku Brazil ndi muno mu Africa akulephera kugwiritsa ntchito zinthu zawo. Facebook Lite inabwera mu 2015, yosakwana ndi 1 MB yomwe. Shazam, pulogalamu imene imamvetsera nyimbo n'kukuuzani dzina lake, inatulutsa Shazam Lite mu 2016, nayonso yosakwana 1 MB. Koma chitsanzo chimene chimaonetsa bwino nkhani yonseyi ndi Spotify Lite.

Mmene Spotify anaichepetsera

Spotify ndi kampani ya ku Sweden. Pulogalamu yake ya Lite anayamba kuiyesa mu 2018, ndipo anaikhazikitsa mu July 2019 m'maiko 36 a ku Asia, Latin America, Middle East ndi Africa. Inali ya Android yokha, ya iPhone kunalibe. Inkalemera pafupifupi 10 MB, pamene pulogalamu yaikulu nthawi imeneyo inkafika cha m'ma 100 MB ikakhazikika m'foni, ndipo inkayenda ngakhale pa Android 4.3, ya mu 2013. Munthu ankalowa ndi akaunti yake yomweyo, n'kupeza nyimbo zomwezo ndi mindandanda yake yomweyo. Ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, Spotify inafika mochedwerapo, mu 2021, pamene kampaniyo inalowa m'maiko oposa 80 nthawi imodzi.

Kuti chinthu cha 100 chikhale 10, pali zimene zinatayidwa. Pulogalamu ya m'foni ndi mtolo wa malangizo, zithunzi ndi tizipangizo tobwereka kwa ena, ndipo luso lililonse limene ili nalo limabwera ndi mtolo wake. Kuonetsa vidiyo kumafuna choseweretsa vidiyo. Kulankhula ndi TV kapena sipika ya pa Wi-Fi kumafuna malangizo ofufuzira zipangizo zimene zili pafupi. Masamba oyenda mokongola mukawakhudza amafuna zithunzi zambiri kukhala zoyalidwa pa RAM. Opanga Lite amadula zimenezi, n'kusiya kusaka nyimbo, kuiimba ndi kuisunga pa mndandanda.

Zina mwa zimene zinadulidwa munthu wa foni yaing'ono sangazilire. Spotify Connect ndi luso loti foni ikhale ngati rimoti, nyimbo n'kumalira pa kompyuta, pa TV kapena pa sipika yolumikizidwa ku intaneti. Mu Lite munalibe. Koma amene ali ndi foni ya 1 GB kawirikawiri sipika yake ndi ya Bluetooth, ndipo Bluetooth imayendetsedwa ndi foni yeniyeniyo, osati pulogalamu ya nyimbo, ndiye imagwirabe ntchito bwinobwino. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi n'kumaopa chabe. Chimodzimodzi timavidiyo ta masekondi ochepa timene timazungulira kumbuyo nyimbo ikamalira, totchedwa Canvas. N'tokongola, koma timadya deta pa chinthu chimene telala sakuchiyang'ana n'komwe, popeza maso ake ali pa singano. Kunena zoona, kusowa kwake ndi phindu.

Pali zitatu zimene kusowa kwake kumamveka: kukoma kwa mawu, kusunga nyimbo kuti muzimvera popanda intaneti, ndi kuimba nyimbo zanu zimene zili kale m'foni.

Mawu ake

Nyimbo ikamabwera pa intaneti imakhala itapanikizidwa, ndipo kuchuluka kwa deta imene imatumizidwa pa sekondi kumayezedwa m'makilobiti. Spotify ili ndi masitepe odziwika amene mumawaona mu Settings. Low ndi pafupifupi makilobiti 24 pa sekondi, Normal ndi 96, High ndi 160, ndipo Very high, ya olipira okha, ndi 320. Lite inalibe sitepe ya 320, ngakhale kwa munthu wolipira, ndipo mzimu wake wonse unali wokukokerani ku masitepe apansi.

Manambalawa tiwasandutse ndalama. Makilobiti 8 amapanga kilobayiti imodzi. Ndiye pa 96, sekondi iliyonse ikudya makilobayiti 12, mphindi imodzi 0.72 MB, ola limodzi pafupifupi 43 MB. Pa 24, ola limodzi ndi pafupifupi 11 MB. Pa 160 ndi 72 MB, pa 320 ndi 144 MB.

Mlamu wanga amamvera maola ngati awiri patsiku pa intaneti, nthawi yotsalayo ndi wailesi. Pamwezi ndi maola 60. Akakhala kuti nyimbo iliyonse ndi yatsopano kwa foniyo, pa Low angadye cha m'ma 650 MB. Pa Normal ndi pafupifupi 2.6 GB. Pa High ndi 4.3 GB. Kusiyana kwa Low ndi Normal kokha ndi pafupifupi magigabayiti awiri pamwezi, ndipo aliyense amene amagula bandulo akudziwa kuti imeneyo ndi ndalama ya ndiwo za masiku angapo.

Koma taonani bwino: chimene chapulumutsa detayo ndi sitepe ya Low, osati dzina loti Lite. Pulogalamu yaikulu nayo ili ndi Low, ili ndinso batani la Data Saver limene limatsitsa mawu ndi kuzimitsa timavidiyo tija. Munthu akaika Lite n'kukweza mawu pa High, bandulo yake idzatha mofanana ndi ya mnzake wa pulogalamu yaikulu.

Nanga nyimbo ya makilobiti 24 imamveka bwanji? Bwino kuposa mmene nambalayo ikuopsezera, chifukwa pali nzeru ziwiri zimene zimagwiritsidwa ntchito. Mawu okwera kwambiri, ngati kuwalawala kwa maseche, satumizidwa onse. Foni imapatsidwa mawu apansi ndi kamalangizo kochepa, n'kudzipangira yokha apamwambawo mongoyerekeza. Komanso m'malo motumiza mawu a khutu lamanja ndi lamanzere padera, amatumiza amodzi ndi chidziwitso cha mmene angawamwazire. Pa kasipika ka foni, kamene kale sikatulutsa besi ndipo n'kamodzi, simungadziwe kuti pali chasowa. Pa mahedifoni abwino kapena pa sipika yaikulu mumayamba kumva. Visekese zimamveka ngati madzi akutsanulidwa pa lata, chilembo cha "s" pakamwa pa woimba chimalira mluzu, ndipo kwaya, imene kukoma kwake ndi kumva soprano uku, besi uko, imaunjikana pakati ngati onse aimirira pamalo amodzi. Nyimbo ya munthu mmodzi ndi gitala yake imapirira kupanikizidwaku kuposa kwaya ya anthu 40 m'tchalitchi chokhala ndi mauni ambiri.

Ndiye wa pakhonde ndi kasipika kake, Low ikumukwanira. Amene wapemphedwa kuimba nyimbo pachinkhoswe, foni italumikizidwa ku zokuzira mawu, asayerekeze.

Thumba lapepuka, katundu ndi yemweyo

Apa ndi pamene nambala ya 10 MB ija imanamiza anthu. Imeneyo ndi kulemera kwa pulogalamu tsiku loikopera. Ikayamba kugwira ntchito, imasunga m'foni zidutswa za nyimbo zimene mwamvera ndi zithunzi za maalubamu, kuti mawa mukafunanso nyimbo yomweyo isakaitengenso pa intaneti. Malo osungira mongoyembekezerawa pa sikirini amalembedwa kuti Cache. Amakula mwakachetechete, ndipo pakapita miyezi akhoza kufika mamegabayiti mazanamazana, kaya pulogalamuyo ndi ya Lite kapena ayi.

Tiwerengenso. Nyimbo ya mphindi 4 pa Normal imalemera pafupifupi 2.9 MB. Kusiyana kwa pulogalamu ya 100 MB ndi ya 10 MB ndi 90 MB, zomwe zikufanana ndi nyimbo 31 zokha. Maalubamu atatu. Munthu amene wasunga nyimbo 300 wadya kale 860 MB pa Normal, kapena 1.4 GB pa High. M'foni yotere, kusintha pulogalamu kuli ngati kusintha thumba la chimanga kuti njinga ipepuke, chimangacho chili chomwecho.

Spotify Lite inabwera ndi zida ziwiri, ndipo zonse zinali zowerengera. China chinali choika malire a deta: munkasankha kuti pamwezi isapitirire mwakuti, ndipo ikafika pamenepo inkakuchenjezani. Dziwani kuti inkawerenga deta ya nyimbo yokha, za Facebook ndi WhatsApp sizinkaikhudza. China chinali batani lofufutira Cache mwa kungodina kamodzi, pafupi ndi nambala yosonyeza malo amene atsala m'foni.

Batani lachiwirili ndi lokoma kudina, koma lili ndi mtengo wake umene suonekera pa sikirini. Cache ija ndi deta imene munailipira kale. Mlamu wanga ali ndi nyimbo ngati 100 zimene amabwereza tsiku ndi tsiku. Zikakhala kuti zonse zagona mu Cache pa Normal, zatenga malo okwana 290 MB, ndipo kuzimveranso kumadya deta yochepa kwambiri. Akadina batani lija, foni ipeza 290 MB ya malo, koma sabata imeneyo adzagulanso 290 MB yomweyo pa bandulo kuti nyimbozo zibwerere. Akamadina Loweruka lililonse, monga amachitira anthu ena aukhondo, pamwezi wataya deta yoposa gigabayiti imodzi pa nyimbo zimene foni inali nazo kale. Malo ndi deta zili ngati mbali ziwiri za sikelo: mukatsitsa kuno, uko kwakwera.

Mapulogalamu ena "oyeretsa foni", amene ambiri amabwera ali kale m'foni, amachita zomwezi popanda kukufunsani. Munthu amadabwa kuti bandulo ikutha msanga chonsecho akumvera nyimbo zomwezomwezo.

Chenjezo limodzi laling'ono. Mukalowa mu Settings ya foni, pa Apps, n'kusankha pulogalamu ya nyimbo, pa Storage mupeza mabatani awiri oyandikana: Clear cache, ndi linalo lolembedwa Clear data kapena Clear storage. Loyambalo limafufuta zongoyembekezera. Lachiwirilo limafufuta zonse, nyimbo zimene munakopera ndi kulowa kwanu komwe, ndipo ngati munaiwala pasiwedi mwadzitsekera kunja.

Popanda netiweki

Pamene Spotify Lite inali kuyesedwa mu 2018, chodandaulitsa chachikulu kwa oyesa chinali choti munalibe njira yokopera nyimbo kuti muzimvera popanda intaneti. Zinali zodabwitsa: pulogalamu yopangidwira anthu a netiweki yovuta, koma yosagwira ntchito netiweki ikasowa. Chifukwa chake n'chomveka mukaganiza ngati opanga. Iwo ankalimbana ndi foni yopanda malo, ndipo nyimbo zokopera ndi zimene zimadya malo kwambiri. Koma kwa munthu amene akukwera basi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu kudzera m'Chikangawa, kapena amene kwawo netiweki amaipezera pachulu, luso limeneli ndiye loyamba kulifuna.

Mapulogalamu a Lite amasintha chaka ndi chaka, zina zimawonjezedwa, zina zimachotsedwa, choncho njira yodalirika ndi kuyesa yekha amene muli nayoyo musanafufute yaikulu. Tsegulani alubamu, muone ngati pali kamuvi koloza pansi kapena mawu oti Download. Koperani nyimbo ziwiri kapena zitatu, muike foni pa Airplane mode, muitseke pulogalamuyo n'kuitsegulanso. Ikaimba, zili bwino. Ikangozungulira, mwadziwira pakhomo osati pa Jenda.

Pano pali chisokonezo china chofunika kuchimasula, chifukwa anthu ambiri amaimba mlandu Lite pa zinthu zimene si zake. Lite sikutanthauza yaulere, ndipo yaulere sikutanthauza Lite. Pa Spotify, kukopera nyimbo ndi kwa olipira Premium okha, pa pulogalamu iliyonse. Malonda odula nyimbo pakati ndi a akaunti yaulere. Kwa zaka zambiri, wa akaunti yaulere pafoni ankamvera mindandanda yambiri mosakaniza, osasankha yekha nyimbo, ndipo ankaloledwa kudumpha nyimbo 6 zokha pa ola. Zonsezi zimatsata akaunti, sizitsata kukula kwa pulogalamu. Kuchotsa Lite n'kuika yaikulu sikuchotsa malonda, ndipo kulipira sikubweretsa mu Lite luso limene opanga sanaikemo.

Ndipo nyimbo "yokopera" mu Spotify si yanu monga ilili ya pa memore khadi. Imakhala yokhomedwa, moti imalira m'pulogalamu yomweyo basi. Simungaitumize kwa mnzanu pa Bluetooth kapena pa Xender, simungaiike pa fulashi ya m'galimoto. Foni iyeneranso kulowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse, apo ayi nyimbozo zimasiya kulira. Zokopera m'pulogalamu imodzi sizisamukira mu inzake, ngakhale zonse zili za kampani imodzi: mukafufuta yaikulu, nyimbo 300 zija zapita nayo, ndipo kuzibweza ndi 860 MB ina. Mindandanda yokha ndi imene imakutsatirani, chifukwa imasungidwa pa akaunti, osati m'foni.

Si mapulogalamu onse amene amatsata malamulo a Spotify. Audiomack imalola kukopera nyimbo zambiri popanda kulipira. Boomplay, imene inayambira ku Nigeria mu 2015 ndipo imapezeka ili kale m'mafoni ambiri a Tecno, Infinix ndi itel, nayo inakula chifukwa chomvetsa kuti omvera ake amakopera akapeza deta n'kumamvera pambuyo pake. Kwa munthu wa netiweki yodukaduka, funso loti pulogalamu ikulola kukopera kapena ayi ndi lalikulu kuposa loti ikulemera mamegabayiti angati.

Za pa memore khadi

Chachitatu chimakhudza kwambiri ife kuno. Nyimbo zambiri zimene anthu amamvera sizinachokere pa Spotify kapena pa pulogalamu ina iliyonse. Anakaziika kwa anyamata obena nyimbo pamsika, anazilandira pa WhatsApp, kapena ndi kwaya ya kumpingo kwawo imene inajambula yokha ndipo sinaikidwepo pa intaneti. Pulogalamu yaikulu ya Spotify ili ndi mbali yotchedwa Local Files, imene mukaiyatsa imaonetsa nyimbo za m'foni pamodzi ndi za pa intaneti. Mapulogalamu ochepetsedwa kawirikawiri amasiya luso lotere, pamodzi ndi tina tating'ono ngati Crossfade, yolowetsa nyimbo ina inzake isanathe. Mukapanda kuona mawu amenewa mu Settings, ndiye kuti mulibe.

Si vuto lalikulu, chifukwa pulogalamu yoimba nyimbo za m'foni ndi yopepuka kale ndipo sifuna intaneti. Files by Google, imene imabwera m'mafoni a Android Go, imatha kuimba MP3. Kungoti mumakhala ndi mapulogalamu awiri, ndipo simungasakanize kwaya ya kwanu ndi nyimbo za pa intaneti pa mndandanda umodzi. Komanso tiyeni tivomereze kuti pa nkhani ya malo memore khadi sinagonjebe: MP3 ya makilobiti 128 ya mphindi 4 imalemera 3.8 MB, ndiye khadi la 8 GB limanyamula nyimbo pafupifupi 2,000, osadya malo a m'foni, osafuna bandulo. Choipa chake n'choti pa nyimbo zobenedwa pamsika woimba sapezapo kanthu, ndipo makhadi achinyengo, olembedwa 32 GB koma mkati muli 4, ndi ambiri. Khadi lotere limalandira nyimbo mosakana, koma zoikidwa malo enieni atatha zimakana kutseguka.

Kudziwa chimene chikuvuta

Foni ya mlamu wanga tinaiyeza motere, ndipo aliyense akhoza kutero.

Nyimbo ikamadukaduka, kulira pang'ono, kuima, kuliranso, pulogalamu ili chitsegukire, vuto ndi netiweki. Mankhwala ake ndi kutsitsa mawu pa Low kapena kukopera. Foni ikamakana kukopera kalikonse, kamera n'kumakana kujambula, pamwamba pali mawu oti Storage space running out, ndiye kuti kabati yadzaza. Koma nyimbo ikazima pamene mwatsegula pulogalamu ina, kachizindikiro kake pamwamba n'kusowa, ndipo mukabwererako ikuyambiranso pa tsamba loyamba ngati mwangoitsegula kumene, imeneyo ndi RAM. Apa ndi pamene Lite imathandizadi, popeza imatenga malo ochepa patebulo.

Pali chachinayi chimene chimafanana ndi RAM koma si iyo. Nyimbo ikamazima patapita mphindi zingapo sikirini itazima, inu osakhudza kanthu, kawirikawiri ndi chosunga batire cha foni chimene chaipha. Lite nayo imaphedwa chimodzimodzi. Lowani mu Settings, pa Apps, musankhe pulogalamuyo, pa Battery musankhe Unrestricted, kapena Don't optimize pa mafoni akalepo.

Wofuna kuona ndi maso ake angathe kulowa pa About phone n'kudina Build number kasanu ndi kawiri. Pamatseguka Developer options, ndipo mmenemo pa Running services pamaoneka RAM imene yatsala ndi imene pulogalamu iliyonse ikudya. Ingoonani, musasinthe zina za mmenemo. Ndipo mukamagula foni, samalani ndi katoni yolembedwa RAM ya "4 GB" kenako m'tizilembo tating'ono "2+2". Ziwiri zenizeni ndi zoyambazo. Zinazo ndi malo obwerekedwa ku mosungira, amene amachedwa kwambiri kuyerekeza ndi RAM yeniyeni, ndipo amachepetsanso kabati yomwe ija.

M'foni ya mlamu wanga, pulogalamu ya nyimbo pamodzi ndi Cache yake inkadya malo osakwana theka la gigabayiti. Foda ya mavidiyo a WhatsApp inali ndi magigabayiti oposa atatu: maukwati, maulaliki, ndi kavidiyo kamodzi ka mbuzi kamene kanabwera kanayi kuchokera m'magulu anayi osiyana. Tinazimitsa Media auto-download, tinafufuta zofufutika, ndipo chenjezo la malo linachoka tisanakhudze n'komwe za nyimbo. Kenako tinaika pulogalamu yopepuka chifukwa cha RAM, ndipo kwaya inasiya kuzima akamayankha makasitomala.

Mukapita pa Play Store

Musadabwe mukasaka Lite imene mnzanu anali nayo chaka chatha n'kusaipeza. Play Store imaonetsa mapulogalamu motengera dziko ndi mtundu wa foni, komanso makampani amatseka ma Lite awo akaona kuti kusamalira mapulogalamu awiri kukuwadyera ndalama. YouTube Go, imene anthu ambiri ankamverapo nyimbo, inkalola kuona kukula kwa vidiyo musanaikopere ndi kuitumiza kwa mnzanu wapafupi popanda deta, ngakhale munthu sankatha kulembapo ndemanga kapena kuikapo vidiyo yake. Google inayamba kuitseka mu August 2022, ponena kuti YouTube yaikulu tsopano ikuyenda bwino pa mafoni ochepa mphamvu. Messenger Lite inatsekedwa mu September 2023. Amene foni yake ndi ya 2018 sanafunsidwe ngati akuvomereza.

Mpata umenewu ndi umene akuba amalowerapo. Pa intaneti ndi m'magulu a WhatsApp mumayenda mafayilo a APK olembedwa maina ngati "Premium Lite" kapena "Mod", olonjeza nyimbo zonse popanda malonda ndi popanda kulipira. Sachokera ku kampani yeniyeni. Munthu wina anatsegula pulogalamuyo, n'kusinthamo zimene akudziwa yekha, ndipo inu mukulembamo imelo ndi pasiwedi, pa foni yomweyo imene mumalandirirapo ndalama. Chizindikiro chosavuta ndi zilolezo: pulogalamu ya nyimbo ilibe chifukwa chowerengera ma SMS anu kapena kupempha Accessibility. Pa Play Store yang'anani dzina la wopanga pansi pa dzina la pulogalamu. Ya Spotify yeniyeni imalembedwa Spotify AB.

Mlamu wanga anamvetsera zonsezi akusokabe mpendero wa siketi. Pomaliza anasankha Low, anasiya Cache osaikhudza, ndipo nyimbo za kwaya ya kumpingo kwawo, zimene sizili pa pulogalamu ina iliyonse, tinazisamutsira pa memore khadi. Ndikunyamuka anandikumbutsa: "Alamu, kavidiyo ka mbuzi kaja mwasiyako kamodzi?"